Foni imodzi, matchaja anayi: mmene mungadziwire chifukwa ina imadzadza msanga ina ikungokwawa

Mchemwali wanga anagula Samsung Galaxy A15, m'bokosi munali foni ndi chingwe basi, mutu wa tchaja munalibe. Ndiye anangotenga mutu wakale wa kafoni kake ka itel n'kumagwiritsa ntchito. Magetsi akabwera madzulo amalumikiza, azima patatha maola awiri foni isanafike ndi theka lomwe, mawa lake masana yazima, ndipo iye amagulitsa zinthu pa WhatsApp ndiye foni ikazima makasitomala amapita kwina. Anayamba kunena kuti anamugulitsa foni yowonongeka batire. Foniyo inali bwinobwino. Tinayesa matchaja anayi pa foni yomweyo, iliyonse inkathamanga mosiyana, ndipo yomwe inalembedwa nambala yaikulu kuposa zonse sindiyo inapambana. Ndikufuna ndikuonetseni mmene tinafufuzira, kuti nanunso mukhoze kuchita chimodzimodzi ndi foni yanu musanataye ndalama.

Chinthu chimodzi choti mugwire kuyambira pano ndi ichi: nambala yolembedwa pa paketi ya tchaja si liwiro lomwe foni yanu itchajire. Pali zinthu zitatu zogwira ntchito limodzi, foni, mutu ndi chingwe, ndipo chomwe chili chofooka pa zitatuzo ndi chomwe chimalamula.

Sitepe yoyamba: dziwani malire a foni yanu

Foni iliyonse ili ndi mlingo wa magetsi omwe imalola kulowa, kupitirira apo siyilandira ngakhale mutailumikiza ku tchaja ya laputopu. Mlingowu amauyeza m'mawati, chilembo chake ndi W. Galaxy A15 malire ake ndi 25W. Galaxy A14 yomwe inatuluka isanabwere imeneyi imathera pa 15W. Tecno Spark 10 ndi 18W. Mafoni ambiri otsika mtengo, makamaka aja olowera micro-USB, ndi 10W kapena 5W basi.

Yang'anani pa bokosi la foni, kapena lembani dzina lonse la foniyo pa intaneti n'kuwonjezera liwu loti `charging`, muona nambala yokhala ndi W. Ngati foni yanu imathera pa 10W, musavutike kugula mutu wodula wa 65W, palibe chisinthe. Anthu ambiri amaluzira ndalama pomwepa. Ndipo mbali inayo musaope, mutu wabwino wa mawati ambiri suwotcha foni ya mawati ochepa ayi, chifukwa tchaja sikankhira magetsi mokakamiza, foni ndiyo imapempha mlingo womwe ikufuna.

Sitepe yachiwiri: tembenuzani mutuwo muwerenge timalemba tating'ono tija

Pa mutu uliwonse pali timalemba totuwa tovuta kuwerenga, nthawi zina pakati pa mapini. Jambulani ndi kamera n'kukulitsa chithunzicho, ndi njira yophweka. Mupeza mizere iwiri. Wa `Input` umakamba za magetsi a pakhoma, nthawi zambiri umati 100-240V, ndipo athu a 230V ali momwemo ndiye usakutayitseni nthawi. Womwe tikufuna ndi wa `Output`. Mutu wakale wa mchemwali wanga unalembedwa chonchi:

```
Output: 5.0V ⎓ 1.0A
```

V ndi mavoliti, A ndi maampu, ndipo mawati mumawapeza pochulukitsa ziwirizi:

```
W = V × A
```

Ndiye 5 kuchulukitsa ndi 1 ndi 5W. Foni yotha kulandira 25W imapatsidwa 5W, gawo limodzi mwa magawo asanu. Batire ya A15 ndi 5000mAh, yomwe ndi pafupifupi 19Wh, kutanthauza kuti tchaja yopereka wati imodzi ingatenge maola 19 kuti iidzadze. Gawani 19 ndi 5 mupeza pafupifupi maola anayi, muwonjezerepo magetsi ena omwe amatayika ngati kutentha komanso omwe foni ikudya ili yoyaka, mufika maola anayi ndi theka kapena kuposa. N'chifukwa chake maola awiri a magetsi sankamukwanira, masamu ake ndi omwewa palibe zaufiti.

Ngati pa `Output` pali mzere umodzi wokha wa 5V, ndi 1A kapena 2A kapena 2.4A, imeneyo ndi tchaja wamba, yothamangitsa ayi. Tchaja yothamanga imakhala ndi mizere ingapo, 5V kenako 9V, ina mpaka 12V, 15V kapena 20V. Mzere wa 5V umakhalapo nthawi zonse chifukwa ndi poyambira pa zonse.

Sitepe yachitatu: mvetsani kuti foni ndi tchaja zimayamba zakambirana

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ndiye ndikhalapo pang'ono. Mukangolumikiza, tchaja imayamba ndi 5V, yomwe ndi yotetezeka ku chipangizo chilichonse cha USB. Kenako mu kanthawi kochepa zedi, foni ndi mutu zimatumizirana mauthenga kudzera m'mawaya ena a m'chingwe chomwecho. Foni imafuna kudziwa zomwe mutu ungapereke, ikamva imasankha, mwachitsanzo 9V, ndiye mutu umakweza. Zikapanda kumvana zimangokhala pa 5V pomwepo, osati chifukwa chawonongeka chinthu, koma mutu sungayerekeze kutumiza 9V kapena 20V ku chipangizo chomwe sichinapemphe, ungachiwotche.

Vuto ndi loti makampani sanagwirizane chiyankhulo chimodzi kuyambira pachiyambi. Zili ngati anthu awiri akhala mpando umodzi m'basi ya ku Karonga, wina amangodziwa Chisena wina Chinkhonde, moni apatsana ndi manja koma nkhani yeniyeni siyingayende. 5V ija ndi moni wa manjawo.

Ziyankhulo zomwe mukumane nazo kawirikawiri ndi izi. Pali Quick Charge ya kampani ya Qualcomm, pa mitu amalemba QC 2.0 kapena QC 3.0, imakweza mavoliti kufika 9V kapena 12V n'kupereka mpaka 18W, ndipo imakambirana kudzera m'mawaya a deta a chingwe cha USB-A, chija chokhala ndi mutu waukulu wamakona. Samsung inali ndi yake yotchedwa Adaptive Fast Charging, mitu yake imalembedwa 9V ndi 1.67A, yomwe ndi 15W. Kenako pali USB Power Delivery, mwachidule PD, imeneyi si ya kampani imodzi, ndi ya bungwe lomwe limayang'anira USB yonse, ndiye ili ngati Chichewa cha pamsika chomwe aliyense amayesako. PD imayenda pa USB-C basi, mutu uyenera kukhala ndi bowo la USB-C, chifukwa imakambirana pa waya wina wotchedwa CC yemwe pa USB-A kulibe. Ma iPhone kuyambira iPhone 8 ya 2017 amathamangira pa PD, ndi mutu wa 20W amafika theka la batire pa mphindi pafupifupi 30. Malaputopu ambiri atsopano nawonso ndi PD.

Mkati mwa PD momwemo muli kagawo kena kotchedwa PPS, ndipo kameneka ndi komwe kamasokoneza anthu a Samsung. PD wamba imapereka mavoliti okhazikika, 5, 9, 15 kapena 20, foni n'kumawatsitsa yokha kufika pa mlingo wa batire, womwe ndi cha m'ma 4V, ndipo kutsitsako kumatenthetsa foni. PPS imalola foni kuuza mutu kuti kweza pang'ono, tsitsa pang'ono, mosalekeza nthawi yonse yotchaja, ntchito yambiri yotentha ija imachitikira ku mutu osati m'foni. Samsung kuti ifike pa 25W imafuna PPS imeneyi. Mutu wa PD wopanda PPS, ngakhale wa 65W wa laputopu, nthawi zambiri umaipatsa cha m'ma 15W basi.

Ndiye pali gulu lina la makampani omwe anapanga zawozawo. Oppo ili ndi VOOC ndi SuperVOOC, zomwenso zili pa Realme ndi OnePlus. Huawei ili ndi SuperCharge. Xiaomi ndi Redmi zili ndi mitu ya 33W, 67W mpaka 120W. Ambiri mwa awa anasankha kukweza maampu kwambiri, VOOC yoyamba inali 5V pa 4A, SuperVOOC ya 65W ndi 10V pa 6.5A, ndipo maampu ochuluka chonchi amafuna chingwe chawo chokhuthala chomwe mutu umachizindikira. Nambala yaikuluyo imangotuluka foni, mutu ndi chingwe zikakhala za banja limodzi. Tecno ndi Infinix za 33W ndi 45W nazonso zimafika pa liwiro lake lonse mosakayikitsa ndi mutu ndi chingwe zomwe zinabwera nazo, ndiye ngati muli ndi imeneyi musabwereketse tchaja yake mwachisawawa, kupeza ina yofanana nayo n'kovuta.

Tibwerere ku A15 ija. Tchaja yachiwiri yomwe tinayesa inali ya neba, ya Redmi, 67W yeniyeni, pa foni yake imadzadza batire ola lisanakwane. Mchemwali wanga anali ndi chikhulupiriro kuti imeneyi ndiye yankho. Inachitako bwino kuposa ya 5W inde, koma pa sikirini sipanabwere mawu oti `Super fast charging`. Mutuwo uli ndi bowo la USB-A ndipo 67W yake imalankhulidwa m'chiyankhulo cha Xiaomi, Samsung siyichimva. Pa mitu yotere Samsung ikachita mwayi imapeza 15W, apo ayi imatsikira cha m'ma 10W. Tchaja ya neba inalibe vuto, foni inalibe vuto, sizinamvane basi.

Mutu wa Samsung wa 25W umalembedwa chonchi, ndipo mizere imeneyi ndi yomwe muziyang'ana ngakhale pa mutu wa kampani ina:

```
PDO: 5.0V ⎓ 3.0A / 9.0V ⎓ 2.77A
PPS: 3.3-5.9V ⎓ 3.0A / 3.3-11.0V ⎓ 2.25A
```

Onani mzere wachiwiriwo, mavoliti sanalembedwe nambala imodzi koma kuchokera apa kufika apo, 3.3 mpaka 11. Mukaona zimenezo dziwani kuti ndi PPS ngakhale liwulo asanalilembe. Chulukitsani 11 ndi 2.25 mupeza 24.75, ndiye 25W ija.

Sitepe yachinayi: chingwe, chomwe aliyense amachipeputsa

Ine pa mafoni omwe anthu andibweretsera akudandaula kuti akuchedwa kudzadza, ambiri vuto limakhala chingwe. Zingwe zotchipa zija kunja zimaoneka zonenepa bwino, zina zoluka ndi ulusi wokongola, koma mukadula mkati mupeza timawaya towonda ngati tsitsi. Waya wowonda amadya mavoliti panjira. Tiyerekeze chingwe chili ndi kukana kwa 0.5 ohm ndipo mukufuna kudutsitsa 2A, volti imodzi yathunthu imatayika m'chingwemo, mutu watulutsa 5V koma ku foni kwafika 4V. Foni ikaona mavoliti akugwa chonchi imachepetsa yokha maampu omwe ikukoka, ndiye mutu wa 10W uja umasanduka wa 5W kapena kuchepera. Chingwe chikatalika vutoli limakula, chifukwa chake zija za mamita awiri kapena atatu zogonera nazo pabedi, ngati zili zotchipa, zimachedwetsa kwambiri.

Zingwe zina mkati mulibe mawaya a deta n'komwe, muli awiri okha a magetsi. Zimenezi zimabwera ndi timasipika, matochi ndi mahedifoni. Popanda mawaya a deta Quick Charge ndi Adaptive Fast Charging sizingakambirane, ndiye mukhala pa 5V mpaka kalekale. Kuyesa kwake n'kosavuta, lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwecho, ikangotchaja osafunsa zotumiza mafayilo ndiye kuti ndi cha magetsi okha.

Pa PD ndi PPS mufunika chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri, kupatula ma iPhone 8 mpaka 14 omwe amafuna cha USB-C mbali ya mutu ndi Lightning mbali ya foni. Chingwe wamba cha mtunduwu chimanyamula 3A, yomwe ndi yokwanira 25W ya A15 komanso iPhone. Mukafuna kupitirira 3A, monga Samsung za 45W kapena laputopu yodya kuposa 60W, pamafunika chingwe cholembedwa 5A kapena 100W, chimenechi chili ndi kachipu mkati mwa mutu wake komwe kamauza tchaja kuti ndikhoza kunyamula. Popanda kachipuko tchaja siyidutsitsa kuposa 3A. Ndipo a Xiaomi, Oppo ndi Huawei, yang'anani mkati mwa mutu wa USB-A wa chingwe chanu choyambirira, kapulasitiki kake kamakhala ka mtundu wina, Xiaomi kaolenji, Huawei kapepo, chimenecho ndi chingwe chapadera, chikaduka mukagula wamba liwiro limagwa pompo ngakhale mutu uli womwewo.

Kwa mchemwali wanga chingwe chabwino chinalipo kale, chija cha m'bokosi, anachisunga mu dirowa chifukwa sichinkalowa pa mutu wakale wa USB-A.

Sitepe yachisanu: yezani, musangokhulupirira zolembedwa

Tchaja yachitatu ndi yomwe inandipweteka mtima. Mchemwali wanga anakagula pa benchi ina mtauni, paketi yonyezimira yolembedwa 65W ndi zilembo zikuluzikulu, wogulitsa anamutsimikizira kuti ndi orijino. Nditaigwira m'manja inali yopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu. Pa `Output` analembapo mizere yambiri yooneka bwino, koma zolemba aliyense akhoza kusindikiza. Ndiye tinayeza, ndipo njira yake ndi iyi, siyifuna chipangizo chilichonse.

Gwiritsani ntchito foni mpaka itsike pa 20 peresenti, chifukwa batire ikakhala pansi ndi pomwe imalandira mwamphamvu. Ikani pa `Flight mode`, onetsetsani kuti siyotentha, chotsani kava ngati ili yokhuthala. Lembani peresenti yomwe ilipo, lumikizani, zimitsani sikirini, musaigwire kwa mphindi 15 zenizeni. Kenako onani yakwera ndi zingati. Pa batire ya 5000mAh peresenti imodzi ndi pafupifupi 0.19Wh, ndipo mphindi 15 ndi gawo limodzi mwa anayi a ola, ndiye masamu ake ndi awa:

```
W ≈ peresenti × 0.19 × 4
```

Ikakwera ndi 6 peresenti, mawati olowa m'batire ndi pafupifupi 4.5, imeneyo ndi tchaja ya 5W. Ikakwera ndi 11 kapena 12, muli pa 10W. Cha m'ma 17 ndi 15W. Kuyambira 23 kupita m'mwamba ndiye 25W ikugwira ntchito. Nambala yomwe mupeze izikhala yocheperako pang'ono kuposa yolembedwa pa mutu, zimenezo n'zabwinobwino chifukwa ena amatayika ngati kutentha. Ngati batire yanu ndi 4000mAh ikani 0.15 m'malo mwa 0.19, ngati ndi 6000mAh ikani 0.23.

Ya 65W ija inakweza ndi 8 peresenti basi, kutanthauza mawati 6, ndipo mutu wake unatentha moti sumagwirika nthawi yaitali. China chomwe tinaona, foni ikakhala pa tchajayo sikirini imachita misala, ukadina apa imatsegula apo, nthawi zina kudzilembera yokha. Chimenecho ndi chizindikiro choti magetsi akutuluka ali osasefedwa bwino, ndipo tchaja yotere muisiye tsiku lomwelo. Kuchedwa ndi nkhani yaing'ono, choopsa n'choti m'mitu yachinyengo mpata wolekanitsa 230V ya pakhoma ndi mbali yopita ku foni umakhala wochepa kwambiri, ikhoza kukugwirani magetsi kapena kuyatsa moto usiku muli mtulo. Ndinamuuza mchemwali wanga kuti asapatse ngakhale ana.

Mukamayesa sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mutu womwewo ndi zingwe ziwiri, kenako chingwe chomwecho ndi mitu iwiri. Mukasintha zonse pamodzi simudziwa chomwe chinali cholakwa ndipo mukhoza kutaya chabwino.

Foni nayonso imakuuzani ngati mukuyang'ana. Samsung mukangolumikiza imalemba `Charging`, `Fast charging` kapena `Super fast charging` pa sikirini yokhoma, pamodzi ndi nthawi yotsala kuti idzadze. Mafoni ena a Android amalemba `Charging slowly` kapena `Charging rapidly`. Muonenso kuti kuthamangako sikunazimitsidwe, pa Samsung zatsopano lowani apa:

```
Settings > Battery > Charging settings > Fast charging
```

Pa zakale pang'ono zili pansi pa `Battery and device care`, kenako `Battery`, kenako `More battery settings`. Ndinaonapo munthu atagula mitu iwiri pomwe vuto linali kabatani kameneka, mwana anakazimitsa.

Amene mumakonza mafoni kapena muli ndi malo otchajitsa, gulani kachipangizo kaja koyezera kolowa pakati pa mutu ndi chingwe, kali ndi kasikirini koonetsa mavoliti ndi maampu. Mukaona kakuyamba pa 5V kenako n'kudumphira pa 9V ndiye kuti zamvana, kakangokhala pa 5V ndiye kuti ayi. Kasitomala mumamuonetsa ndi maso, mkangano umatha.

Tchaja yachinayi inali mutu wa 25W wa USB-C wokhala ndi mzere wa PPS, ndi chingwe chija cha mu dirowa. Sikirini inalemba `Super fast charging`, pa mphindi 15 inachoka pa 20 kufika pa 44, ndipo kudzadza konse kuchokera pansi kumatenga pafupifupi ola ndi theka.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: zonse zili bwino koma ikuchedwabe

Mwina mwaona kuti 19Wh kugawa ndi 25W ndi mphindi 46, nanga bwanji ola ndi theka? N'chifukwa foni siyikoka 25W nthawi yonse. Batire ya lithiyamu imalandira mwamphamvu ikakhala pansi, ikadutsa theka foni imayamba kuchepetsa, ikafika pa 80 peresenti imachepetsa kwambiri kuti batire isawonongeke, ndiye kuchoka pa 80 kufika pa 100 kumatha kutenga nthawi yofanana ndi kuchoka pa 20 kufika pa 60 kapena kuposa. Si vuto limenelo, anazipanga dala. Ndiye ngati magetsi abwera kwa kanthawi ndipo pakhomo pali mafoni atatu ndi mutu wothamanga umodzi, musadikire yoyamba ifike pa 100, ikafika pa 70 kapena 80 chotsani muike ina, mupindula kwambiri. Ikamaima pa 80 kapena 85 osasunthanso, onani ngati `Battery protection` kapena `Protect battery` yayatsidwa, pa iPhone ndi `Optimised Battery Charging`.

Kutentha ndi mdani wina. Batire ikafika cha m'ma 40°C foni imadula liwiro yokha. Mwezi wa Okutobala m'nyumba ya malata masana, kapena foni ili pa dashibodi ya galimoto padzuwa, kapena mwaiika pansi pa pilo, ngakhale ndi tchaja yeniyeni iziyenda pang'onopang'ono. Iikeni pa simenti pamthunzi, kava mutachotsa. Kuonera mavidiyo kapena kuyatsa hotisipoti ili pa tchaja kumachita ziwiri, kumadya magetsi omwe akulowa komanso kumatenthetsa, pa mutu wa 5W mukhoza kuona peresenti ikungoima malo amodzi.

Kenako bowo la foni. Foni yokhala m'thumba kapena yomangidwa pa chitenje imatola fumbi ndi ulusi, zimapanikizika mkati mwa bowo mpaka chingwe sichifika kumapeto. Chizindikiro chake chingwe chimagwedera, sichimveka kuti chakhala, ndipo kutchaja kumaduka mukangoisuntha. Timapini tokambirana tija tikapanda kukhudzana bwino kuthamanga kumatha ngakhale magetsi akulowa. Zimitsani foni, walitsani tochi m'bowomo, tengani kamtengo kotokosera m'mano mukasongole kapyapyale, muchotse pang'onopang'ono m'mbali osakankha kalilime ka pakati. Singano kapena pini ayi, chitsulo chimagundanitsa mapini.

Mitu ya mabowo awiri kapena atatu nayo imanyenga. Yolembedwa 65W imatanthauza mabowo onse pamodzi, kapena bowo limodzi likakhala lokha. Mukalumikiza foni yachiwiri imagawa, ndipo pa yotchipa mabowo onse amagwera pa 5V. Werengani `Output` ya bowo lililonse payokha, zimalembedwa ngati C1, C2 ndi A. Chimodzimodzi pawabanki, nambala ya 20000mAh ndi kukula kwa nkhokwe osati liwiro, yang'anani bowo lolembedwa PD kapena lokhala ndi 9V. Mabowo a USB a pa kontirola ya sola, pa ekisitenshoni, pa wailesi ya galimoto, ambiri ndi 5V basi, ndipo bowo la USB 2.0 la pa kompyuta limangolonjeza 0.5A, yomwe ndi 2.5W, theka la mutu wakale uja wa itel. Amene muli pa sola ya batire ya 12V, m'malo moyatsa inveta chifukwa cha foni imodzi, gulani tchaja ya m'galimoto yokhala ndi bowo la USB-C lolembedwa PD ndi PPS, muilumikize kudzera pa soketi yake yokhala ndi fyuzi, foni ithamanga bwino ndipo batire ya sola siyitha msanga.

Pokagula

Pitani ndi foni yanu ili pansi pa 50 peresenti, ndi chingwe chomwe mukuchidziwa kuti ndi chabwino. Musayang'ane nambala yaikulu ya pa paketi, pemphani atsegule muwerenge `Output` pa mutu weniweniwo. Wa Samsung ya 25W funani bowo la USB-C ndi mzere wa PPS wofika 11V. Wa iPhone funani USB-C ya PD yokhala ndi 9V, 20W ndi yokwanira. Wa Tecno, Infinix, Redmi, Oppo kapena Huawei ya mawati ambiri funani mutu ndi chingwe za kampani yomweyo, ndipo ngati sizikupezeka gulani mutu wabwino wokhala ndi PD ndi QC 3.0 mukudziwa kuti mwina simufika pa liwiro lonse lija koma foni izitchaja mosaopsa. Igwireni m'manja, mutu wa 25W weniweni uli ndi kulemera kwake, ngakhale achinyengo ena amaikamo kachitsulo ndiye kulemera pakokha si umboni. Sankhaninso wa mapini atatu wolowa bwino m'masoketi athu, aja a mapini awiri okakamiza ndi kamtengo amagwedera n'kumathetheka.

Pomaliza pemphani alumikize pomwepo pa shopu muone zomwe sikirini ilembe, mudikire mphindi zisanu, mugwire mutuwo mumve ngati wayamba kale kutentha, mudinedine sikirini muone ngati ikumvera. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani pa shopu ina.